Filimu yabwino imamutumiza mwana kukafuna ndodo ndi rula

Makolo amene ana awo ali ku sekondale amandifunsa kawirikawiri kuti, mwanayu amakonda za nyama, za nyenyezi ndi za makedzana, ndimuonetse chiyani? Mafilimu a nkhani zenizeni alipo ambirimbiri, ndipo ochuluka ndi okongola m'maso. Koma kukongola kokha sikundikwanira. Ine ndimayesa filimu yotere ndi funso limodzi: kodi ikungomuuza mwana kuti zinthu zili chonchi, kapena ikumuonetsanso mmene anthu anadziwira kuti zili choncho? Mwana wa zaka 14 kapena 16 amakhala atatopa kale ndi kuuzidwa. Chimene chimamukoka ndi kupatsidwa njira yoti afufuze yekha. Atatu amene nditchule pano ndawasankha pa chifukwa chimenechi.

Wokonda zachilengedwe ayambe ndi Dynasties, ya BBC, ya mu 2018, imene akufotokoza ndi David Attenborough. Ili ndi magawo asanu, lililonse likutsata banja limodzi la nyama, koma la ife ndi la mimbulu ya ku Mana Pools, m'mbali mwa Zambezi ku Zimbabwe. Mmbulu waukazi wokalamba, Tait, ukupirikitsidwa m'dera lake ndi mwana wake weniweni, Blacktip, amene gulu lake lakula, mpaka ukathawira kudera la mikango. Mulinso imfa zoonekera, za m'kamwa mwa ng'ona ndi afisi, choncho wamng'ono kwambiri asaonere yekha. Nyama zomwezi zinabwezeretsedwa ku Liwonde ndi ku Majete mu 2021, kotero si za kutali.

Chimene ndimapempha n'chakuti musazimitse nkhani ikangotha. Kumapeto kwa gawo kuli mphindi zingapo zoonetsa ojambula ali pantchito, akudikira, akutaya gululo n'kulipezanso. Pamenepo mwana amazindikira kuti zimene waona mu ola limodzi zadulidwa kuchokera ku ntchito ya zaka pafupifupi ziwiri, ndipo pali munthu amene anasankha choika ndi chosiya. Muuzeninso kuti mu 2011 zinadziwika kuti tiana ta zimbalangondo zoyera timene tinaoneka titangobadwa mu Frozen Planet tinajambulidwa kumalo osungira nyama ku Netherlands, osati ku chisanu cha kumpoto monga oonera ambiri ankaganizira. Izi sizimugwetsa ulesi. Zimamuphunzitsa kufunsa kuti kamera inali pati.

Wa mbiri yakale mupezereni Lost Kingdoms of Africa, ya mu 2010, imene akutsogolera ndi Gus Casely-Hayford, makamaka gawo la Great Zimbabwe. Iye akutsata njira ya malonda a golide kuchokera kugombe la nyanja ya mchere kulowa kumtunda, mpaka kukafika pa makoma a miyala osanjikizidwa popanda matope kapena simenti, ena otalika mamita pafupifupi 11. Nkhani ya malowa ndi yabwino kwa wachinyamata chifukwa muli mkangano, ndipo mkanganowo unathetsedwa ndi umboni. Carl Mauch, wa ku Germany, atafikapo mu 1871 anati n'zokhudza mfumukazi ya ku Seba, poti sankakhulupirira kuti anthu akuda angamange zotere. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anakumba pansi n'kupeza mapale ndi ziwiya za eni dera, pamodzi ndi mikanda ndi mbale zobwera ndi amalonda, zimene zinathandiza kudziwa nthawi. Boma la Rhodesia linakaniriratu, mpaka wofukula zakale Peter Garlake anachoka m'dzikomo mu 1970. Mwana amene wamva izi sanganamizike mosavuta ndi mapulogalamu aja onena kuti mapiramidi a ku Iguputo anamangidwa ndi zolengedwa zochokera kumlengalenga. Bodza lake ndi lomwe lija la Mauch, langosintha malaya.

Koma imene ndimaikonda koposa ndi yakale kwambiri mwa atatuwa, Cosmos ya Carl Sagan, ya mu 1980, ya magawo 13. Samalani pofufuza, chifukwa pali inanso ya dzina lomwelo ya Neil deGrasse Tyson, ya mu 2014, yabwinonso, koma ine ndikunena yoyambayo. Zithunzi zake n'zachikale, ndipo zina zimene akunena zasintha. Nthawi imeneyo Pluto ankawerengedwa ngati pulaneti, zimene zinasintha mu 2006, ndipo panalibe pulaneti ngakhale limodzi lodziwika lozungulira nyenyezi ina yofanana ndi dzuwa lathu, poti loyamba linapezeka mu 1995. Muuzeni mwana zimenezi asanayambe. Kenako mutsegulireni gawo loyamba, The Shores of the Cosmic Ocean, adikire pamene Sagan akufika ku Iguputo.

Akufotokoza za Eratosthenes, mkulu wa nyumba ya mabuku ya ku Alexandria zaka zoposa 2,200 zapitazo. Munthuyu anamva kuti ku Syene, kumene lero ndi Aswan, pa tsiku lalitali kwambiri pachaka, cha pa 21 Juni, dzuwa likafika paliwombo limawala mpaka pansi pa chitsime, ndipo ndodo yoima chilili sikhala ndi chithunzithunzi. Ku Alexandria, kumpoto, tsiku lomwelo ndi nthawi yomweyo, ndodo imakhala nacho. Sagan akunyamula mapu omata pa katoni, atabayapo timizati tiwiri. Katoniyo ikakhala yafulati, zithunzithunzi ziwirizo n'zofanana. Akaipinda, chimodzi chikutha pamene china chikutalika. Palibe mawu ambiri ofunika pamenepo, mwana amaona yekha kuti dziko liyenera kukhala lopindika. Kupendekeka kwa kuwala ku Alexandria kunali madigiri 7 ndi pang'ono, limene ndi gawo limodzi mwa magawo 50 a chozungulira chonse. Mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyo ndi makilomita pafupifupi 800. Mukachulukitsa 800 ndi 50 mupeza 40,000, ndipo kuzungulira dziko lapansi ndi makilomita pafupifupi omwewo.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti dziko lathu lili ngati analiyezera kale ntchito imeneyi. Karonga ali pafupifupi madigiri 10 kumwera kwa ikweta, Nsanje ali pafupifupi 17. Kusiyana kwake ndi 7, monga kwa Eratosthenes. Ndipo popeza tili m'chigawo chotentha, dzuwa limadutsa pamutu penipeni kawiri pachaka, zimene mwana wa ku London sadzaziona kwawo. Ku Nsanje zimachitika cha pa 9 Novembala komanso kumayambiriro kwa Febuluwale. Ndiye kuti ophunzira awiri, wina ku Nsanje wina ku Karonga, okhala ndi foni zotumizirana uthenga, akhoza kuyeza dziko lonse lapansi asanadye nkhomaliro.

Aliyense apeze ndodo yowongoka, aizike pamalo osalala kuti mbali yoonekera pamwamba pa nthaka ikhale mita imodzi ndendende. Kuti adziwe ngati yaimadi chilili, amange kamwala kuchingwe n'kulendeweretsa pambali pake, kapena abwereke levulo kwa mmisiri womanga. Kuyambira 11 koloko, aziika chizindikiro pansonga ya chithunzithunzi mphindi zisanu zilizonse, mpaka aone kuti chayambanso kutalika. Chachifupi kwambiri ndicho chofunika. Wa ku Nsanje apeza kuti chatheratu kapena changotsala kadontho. Wa ku Karonga apeza cha masentimita pafupifupi 12, choloza kumpoto. Wa fomu 3 amene anaphunzira za ngodya agawe 12 ndi 100 n'kudina `tan⁻¹` pa kakyuleta, ndipo ituluka pafupifupi 7. Wamng'ono ajambule papepala mzere woima wa masentimita 10 ndi wogona wa 1.2, alumikize nsonga zake, n'kuyeza ngodya yapamwamba ndi kachipangizo ka m'seti ya masamu. Chozungulira chili ndi madigiri 360, ndipo 7 amalowamo ka 51 ndi pang'ono. Mtunda wochoka pa mzere wa Karonga kutsika kumwera mpaka pa mzere wa Nsanje ndi makilomita pafupifupi 780. Kuchulukitsa ziwirizi kumapereka pafupifupi 40,000.

Yankho silituluka bwino ulendo woyamba, ndipo phindu lagona pamenepo. Cholakwika chofala ndi kuyeza pa 12 koloko ya pa wotchi. Nthawi yathu inatcheredwa potsata mzere wodutsa kumadzulo kwa dziko lino, choncho kawirikawiri dzuwa limatifika paliwombo 12 isanakwane, ndipo mu Novembala limafika cha m'ma hafu pasiti 11. Wodikira 12 apeza chithunzithunzi chitatalika kale n'kupendekera kum'mawa. Chikapanda kuloza kumpoto kapena kumwera, dziwani kuti nthawi yaphonyeka. China ndi kutenga mtunda wa pa msewu, umene umakhotakhota n'kutalika kwambiri. Wofunika ndi wa pa mapu, wolunjika kuchoka kumpoto kupita kumwera. Chachitatu ndi ndodo yopendama. Kuphonya ndi sentimita imodzi yokha kumasintha ngodya ndi theka la digiri ndi pang'ono, ndipo pa yankho lomaliza amenewo ndi makilomita oposa 3,000. Mwana akapeza 36,000 kapena 44,000, musamuuze kuti walephera. Mufunseni kuti sentimita ija yatayikira pati.

Sikuti n'zofunika Karonga ndi Nsanje basi, kapena tsiku limenelo lokha. Malo awiri alionse otalikirana kumpoto ndi kumwera akhoza, malinga onse ayeze tsiku limodzi. Zithunzithunzi zikaloza mbali imodzi, chotsani ngodya yaing'ono pa yaikulu. Zikaloza mosiyana, china kumpoto china kumwera, ndiye kuti dzuwa lili pakati pawo, ndipo ngodyazo muziphatikize. Kungoti malo akayandikana kwambiri, monga Lilongwe ndi Dedza, kusiyana kumachepa mpaka kumezedwa ndi zolakwika za rula.

Mafilimu onse atatuwa ndi a Chingerezi. Sagan amalankhula modekha, koma mawu ake ena ndi ozama, choncho yatsani mawu olembedwa pansi pa chithunzi ngati alipo, ndipo musaope kuimitsa n'kumufunsa mwana kuti abwereze m'Chichewa zimene wamva. Akakanika kufotokoza chifukwa chimene Sagan wapindira katoni ija, bwezani pambuyo aonenso. Amene mukufuna kuyeza ndi ndodo, sankhani Novembala kusiyana ndi Febuluwale, chifukwa mu Febuluwale mitambo ya dzinja ikhoza kuphimba dzuwa sabata yathunthu.