Pokambirana mtengo, ayambe ndani kutchula nambala?

Ambiri a ife tinakula tikumva kuti ponenerera mtengo, wochenjera amakhala chete n'kudikira kuti mnzake ayambe kutchula nambala. Ine ndikuona kuti langizoli ndi loona theka lokha, ndipo theka linalo limatiluzitsa ndalama.

Chifukwa chake n'chakuti nambala yoyamba kumveka imagwira maganizo ngati mmene nangula amagwirira bwato: limayendako ndithu, koma silipita patali. Mu 1974, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman anaonetsa zimenezi ndi gudumu la manambala lomwe analikonza kuti liziima pa 10 kapena pa 65. Atalizunguza, anafunsa anthu kuti mayiko a mu Afirika ndi maperesenti angati a mayiko onse a m'bungwe la UN. Yankho lapakati la omwe anaona 10 linali 25, pomwe la omwe anaona 65 linali 45. Nambala ya pagudumu inalibe chochita ndi funsolo, koma inawakokabe. Nanga kuli bwanji nambala yochokera pakamwa pa munthu amene mukugulitsana naye?

Ndinazionera ndekha chaka chatha pogulitsa laputopu yanga kuti ndipeze ya fizi. Nditafunsafunsa, ndinapeza kuti zamtundu wake zinkagulidwa pakati pa K300,000 ndi K380,000. Wogula woyamba atabwera, ndinatsata langizo lija n'kumufunsa kuti, "Achimwene, muli ndi zingati?" Iye anati K220,000. Pamenepo ndinachita manyazi kutchula K380,000, chifukwa inaoneka ngati yakutali kwambiri, choncho ndinati K330,000. Tinayamba kukumanizana pakati mpaka tinafika pa K280,000. Chinandipulumutsa n'chakuti analibe ndalama zonse tsiku lomwelo.

Kwa wachiwiri ndinayamba ndine. Ndinati K385,000, ndipo ndinapereka zifukwa: batire n'latsopano, chaja ndi yake yeniyeni, lisiti lilipo. Iye anati K300,000, ndipo tinagwirizana pa K345,000. Laputopu ndi yomweyo, sabata yomweyo, koma kusiyana kwake K65,000. Onani kuti maulendo onse awiri tinathera pafupi ndi pakati pa manambala awiri oyambawo. Amene wayamba ndiye amasankha mbali imodzi ya malirewo, komanso amakoka nambala ya mnzake.

Nkhani ya munthu mmodzi si umboni, ndikudziwa. Koma mu 2001, Adam Galinsky ndi Thomas Mussweiler anapeza zofananazo m'kafukufuku wawo: wogulitsa akayamba, mtengo womaliza unkakwera, ndipo wogula akayamba, unkatsika.

Komabe sindikunena kuti muziyamba nthawi zonse. Funso lofunika ndi ili: ndani wa inu awiri akudziwa bwino mtengo weniweni wa chinthucho? Ngati mukuudziwa mofanana, kapena inu mukuudziwa koposa, yambani. Ngati mnzanuyo ndiye akudziwa zambiri, nambala yanu imangoulula umbuli wanu. Taganizirani womaliza maphunziro amene wafunsidwa malipiro omwe akufuna. Iye, poopa kutaya mwayi, akuti K400,000, osadziwa kuti olemba ntchitowo anakonza K600,000. Waponya nangula ndithu, koma wadzimangirira yekha pansi. Apa n'kwanzeru kufunsa kaye kuti udindowo anauikira malipiro a pakati pa zingati ndi zingati.

Malire ena ndi kukokomeza. Ndikanati K600,000, wogula uja akanangoseka n'kumapita. Nambala yoyamba iyenera kukhala kumapeto kwa mitengo yomwe ilipodi, pomwe mungathe kuiikira kumbuyo ndi zifukwa. Apa ndi pomwenso ndimayankhira amene amati kuyamba ndi mtengo wokwera n'kubera mnzako. Kunama za batire ndiye kuba. Kutchula mtengo womwe ungaufotokoze, mnzako ali ndi ufulu wokana, si kuba.

Nanga mnzanu akakuyambirirani ndi nambala yoipa? Cholakwa changa kwa wogula woyamba chinali kuyankha moyang'ana K220,000 yake. Galinsky ndi Mussweiler anapezanso kuti mphamvu ya nambala yoyamba imatha ngati woyankhayo aika maganizo pa cholinga chake, kapena pa zomwe mnzakeyo angachite malonda akalephereka. Wogula uja akanandisiya, akanakapeza laputopu yotere pa K300,000 kapena kuposa. Ndikanakumbukira zimenezo, ndikanamuuza mwaulemu kuti pamenepo sitingayambirepo, kenako n'kutchula yanga.

Masiku ano ndisanakumane ndi wogula kapena wogulitsa, ndimalemba manambala awiri pafoni: mtengo womwe ndikufuna, ndi mtengo womwe ndingachokerepo osagwirizana. Ndikalephera kuwalemba, ndimadziwa kuti sindinakonzeke kuyamba, ndipo ndimabwerera kukafunsa.