ZA SAYANSI: Cinthu Cikacepa Koposa Cisintha Mtundu

Mukasinja njerwa yofiira mumtondo, fumbi lake likhalabe lofiira, ngakhale musinje tsiku lonse. Ici ticidziwa tonse. Koma akatswiri a sayansi anapeza kuti pali malire a kucepa, ndipo cinthu cikawapitirira, mtundu wake uyamba kudalira ukulu wake.

Muyeso wa tinthu timeneti ndi nanomita. Tengani milimita imodzi ya pa rula ya mwana wa sukulu, muigawe m'zigawo 1,000,000. Cigawo cimodzi ndico nanomita. Tsitsi limodzi linenepa mananomita zikwi makumi angapo, pamene timibulu tikunena pano tili pakati pa mananomita 2 ndi 10.

Titenge mankhwala ochedwa kadimiyamu selenaidi. Cibulumwa cake cacikulu cioneka cakuda. Koma akawapanga m'timibulu ta mananomita 6 ndi kutiunikira ndi nyali ya mphamvu, tiwala mofiira. Ta mananomita 3 tiwala mobiriwira, ndipo ta pafupi ndi mananomita 2 tiyandikira ku buluu. Sanathiremo utoto wina ai, mankhwala ndi amodzimodzi.

Cifukwa cake cili m'maelekitiloni, tinthu tija tonyamula magetsi m'waya. M'mankhwala a mtundu uwu elekitiloni ili ndi malo awiri okhala, apansi ndi apamwamba, ndipo pakati pake pali mpata umene singaimemo. Kuwala kukaigunda ilumphira pamwamba, ndipo pobwerera pansi ibweza mphamvu ija monga kuwala. Mpata ukakhala waung'ono kuwalako ndi kofiira, ukakula kukhala kobiriwira kapena kwa buluu, pakuti kuwala kwa buluu kunyamula mphamvu zambiri koposa kofiira.

Tsono elekitiloni siyenda monga kamwala cabe, iyendanso monga funde. Amene anayimbapo kalimba amva msanga pamenepa. Kacitsulo kakatali kalira mau aakulu, kakafupi kalira mau aang'ono okwera, ngakhale zonse anazisula ku waya umodzi. Funde la elekitiloni nalo likapanikizidwa m'kanyumba kothina likakamizika kufupika, ndipo funde lalifupi lili ndi mphamvu zocuruka. Motero mpata uja utanuka pamene kambulu kacepa. Kutanukako ndi kwaliwiro: mukacepetsa kambulu ndi theka, mphamvu yoonjezekayo ikula pafupifupi kanai. Koma kupanikiza kuyamba pokhapo kanyumba kacepa kufika pa malo amene elekitiloni ifuna mwacibadwa. M'mankhwala tachulawa, kambulu kakapitirira mananomita 10 kapena kuposerapo pang'ono, kayamba kukhala monga cibulumwa wamba. Ndico cifukwa cake mtondo wanu sungacite zimenezi.

Woyamba kuonetsa ici anali Alexei Ekimov wa ku Leningrad, m'caka ca 1981. Iye anagwiritsa nchito mankhwala a mkuwa, kopa kiloraidi, osungunulidwa m'galasi, naona kuti galasi lotenthedwa kwambiri ndi kwa nthawi yaitali likhala ndi timibulu tokulirapo, timene timeza kuwala kosiyana ndi kwa tating'ono. Mu 1983 Louis Brus wa ku America anaona zofanana m'madzi: timibulu take ta kadimiyamu salufaidi titakhala kanthawi pa thebulo tinakula tokha, ndipo kamezedwe ka kuwala kanasintha.

Bvuto linatsala linali lakuti timibulu tinali kutuluka tosakanizika, tina tatikulu tina tating'ono, monga mphale ndi gaga. Zikatero mtundu sukhala woyera bwino, uoneka wosokonezeka, ndipo katswiri adziwira pomwepo kuti nchito yalakwika. Mu 1993 Moungi Bawendi anapeza njira: kulasira mankhwala mwadzidzidzi m'madzi a mafuta otentha kwambiri, kuti timbeu tonse tibadwe nthawi imodzi, kenaka kuyang'anira moto kuti tikule pamodzi. Kuimitsa msanga kupatsa tating'ono, kucedwa kupatsa tofiira. Anthu atatuwa analandira mphotho ya Nobel mu 2023.

Palinso bvuto la khungu. M'kambulu kotere maatomu ambiri ali kunja, ndipo pamene pali cilema elekitiloni ikodwa, mphamvu yake nisanduka kutentha m'malo mwa kuwala. Timibulu totere tizirala. Mankhwala ake ndi kutikuta ndi cikhungwa copyapyala ca zinki salufaidi.

Lero timibulu timeneti tili m'mawailesi a kanema ena, aja olembedwa QLED. Kumbuyo kuli nyali ya buluu, ndipo tatikulu tisandutsa kuwala kwake kukhala kofiira, tating'ono kobiriwira. Kadimiyamu ndi ululu woopsa ku impso, motero opanga ena anasinthira ku indiyamu fosifaidi. Ngakhale ziri tero, ine ndikanati galasi la kanema losweka lisatayidwe pafupi ndi citsime, ndipo ana asaseweretse zidutswa zake.