Atatu mwa Ndani?

Mphunzitsi mnzanga, tsiku lina mudzapemphedwa kumasulira m'Cinyanja cidule ca kafukufuku kuti makolo amve. Maganizo anga ndi akuti ciganizo cacitali cosunga tanthauzo ciposa liu lalifupi lokoma limene lisoceretsa owerenga.

Tiyeni tione citsanzo. Kucokera mu Novembala 2003 kufikira mu Juni 2004 matenda a kolera anabuka mu Lusaka. Anthu 6,542 anadwala, ndipo 187 anamwalira. Ofufuza anasanthula mliriwu m'komboni ya George, nafalitsa zotsatira zake mu 2008.

Tikagawa 187 ndi 6,542, tipeza pafupifupi maperesenti 3. Womasulira wothamanga alemba kuti, "Kolera inapha anthu 3 mwa anthu 100 alionse." Kholo lomva zimenezi liganiza za anthu onse a mumzinda, ndipo licita mantha opitirira. Koma ciwerengeroci cinena za odwala okha. Lembani motere: "Mwa anthu 100 alionse amene anadwala, pafupifupi 3 anamwalira." Peresenti iriyonse iri ndi gulu limene icokerako, ndipo gululo liyenera kuchulidwa.

Vuto laciwiri ndi lobisika kwambiri. Ofufuzawo anapeza kuti kusowa kwa zimbudzi ndi ngalande kunali kogwirizana ndi kuculuka kwa kolera. Pofotokoza mgwirizano wotere, Cingerezi cigwiritsa nchito liu limene m'kulankhula wamba litanthauza "cofunika" kapena "cacikulu". Kwa akatswiri a ziwerengero tanthauzo lake ndi lina: kusiyana kotere sikukadaoneka kawirikawiri mwamwai cabe. Liulo silinena za kukula kwa kusiyanako. Conco musalembe "mgwirizano waukulu". Lembani kuti, "Kumalo osowa zimbudzi ndi ngalande odwala anali oculukirapo, ndipo nkovuta kunena kuti zinangocitika mwamwai."

Onaninso kuti ciganizoci sicinanene kuti kusowa ngalande "kunayambitsa" matendawa. Kolera iyambitsidwa ndi kacilombo kolowa m'thupi kudzera m'madzi kapena cakudya. Zinthu ziwiri kupezeka pamodzi si umboni wokwanira wakuti cina cibala cinzake.

Ena adzati mamasulidwe otere atalika, ndipo ndi bwino kungobwereka mau a Cingerezi. Kubwereka sikulakwa: "peresenti" tinabwereka, ndipo yakhazikika. Koma liu lobwereka limene wowerenga salidziwa lingobisa vuto, silithetsa.

Mungadziwe bwanji kuti mwamasulira bwino? Patsani mnzanu amene sanaone Cingerezico, abwezere ciganizo canu m'Cingerezi, kenaka muyerekeze. Ndiponso werengerani mwana wa giredi 7, nimumfunse kuti, "Atatuwa ndi atatu mwa ndani?" Akayankha kuti "mwa odwala", mwakhoza. Akati "mwa anthu onse a mu Lusaka", bwererani kukalembanso.