Mlendo wa pachinkhoswe asasokere mu Lilongwe

Makomiti ambiri okonza chinkhoswe kapena ukwati mu Lilongwe amathera misonkhano yawo pa nkhani ya chakudya, zovala ndi zokuzira mawu, ndipo funso la kumene alendo ochokera kutali adzagone ndi mmene adzapezere nyumba limatsala mpaka Lachinayi usiku, pamene abale ayamba kale kuimba lamya kuti anyamuka mawa. Kuchedwa kumeneku kumapweteka kwambiri mumzinda uno kusiyana ndi kwina, chifukwa cha mmene mzindawo udamangidwira.

Lilongwe idakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo idagawidwa m'madera odziwika ndi manambala, koma manambalawo satsatana monga mmene maderawo akhalira pansi. Area 47 yayandikana ndi Area 9, Area 43 yagundana ndi Area 10, pamene Area 36 ili kummwera, m'mbali mwa msewu wa ku Blantyre. Munthu wochokera ku Ntcheu kapena ku Mzimba akamva kuti mwambo uli ku Area 47 ndipo iye waona chikwangwani cha Area 43, amaganiza kuti wafika pafupi, chonsecho watsala ndi ulendo. Madera ena adagawidwanso mkati: Area 47 ili ndi masekita, kutanthauza zigawo zokhala ndi manambala awoawo, ndipo Area 18 ili ndi A ndi B. Nambala ya poloti, yomwe imayamba ndi dera, kenaka sekita, kenaka malo a nyumbayo, imathandiza munthu amene wafika kale mumsewu woyenera, koma siimufikitsa mumsewumo.

Akuluakulu adati kufunsa ndi kudziwa njira, ndipo ku Kawale kapena ku Mchesi mawuwa amagwira ntchito, pakuti panjira sipasowa munthu wodziwa banja lililonse. M'madera a nyumba zotalikirana monga Area 10, Area 12 ndi Area 43 zinthu n'zosiyana: mipanda ya njerwa imafanana, mageti amakhala otseka, oyenda pansi ndi ochepa likangolowa dzuwa, ndipo mlonda wa nyumba yoyandikana nthawi zambiri sadziwa dzina la mwini nyumba ya pafupi. Pamenepa udindo wonse umagwera oitana, ndipo lamulo lake ndi lakuti malangizo ayambire pamene mlendo waima, osati pamene nyumba ili. Uthenga umodzi wotumizidwa kwa onse suthandiza anthu olowa mumzinda kuchokera mbali zitatu zosiyana.

Chitsanzo chikhale chinkhoswe cha Loweruka masana panyumba ina ku Area 47, chimene chikuyembekeza alendo 24 ochokera kunja kwa mzinda. Amene akubwera pa galimoto kuchokera ku Blantyre, ulendo wa makilomita oposa 300 pamsewu wa M1, ayenera kuuzidwa kuti akafika pa raundabauti ya ku Bunda akhotere kumanzere ndi kutsata msewu wolambalala tauni mpaka pamsewu wa ku Mchinji, kenaka alowe Kaunda Road pafupi ndi Gateway Mall. Akapanda kuuzidwa zimenezi amapitirira kulowa ku Old Town, kumene Lachisanu madzulo, makamaka kumapeto a mwezi, magalimoto amathithikana pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe. Ochokera ku Mzuzu ndi ku Kasungu, akadutsa Kanengo, akhoza kukhotera kumanja pamphambano ya misewu yodutsana pamwamba ya ku Area 18 n'kulunjika ku Bingu National Stadium, kumene amakumana ndi Kaunda Road yomweyo. Ochokera ku Mchinji kapena ku Chipata ndiwo ali ndi njira yapafupi, chifukwa dera limeneli amalipeza asanalowe m'tauni.

Gawo lovuta ndi lomaliza, kuchoka pamsewu waukulu kukafika pageti. Apa mawu akuti "mungowongoka, muona" ndi amene amasokeretsa anthu. Malangizo abwino amatchula chizindikiro chimodzi chosasuntha, monga tchalitchi, sukulu kapena malo omwetsera mafuta, amawerenga makhotero kuchokera pamenepo, amanena mtundu wa geti, ndipo amatchulanso chinthu chimene mlendo akachiona adziwe kuti wapitirira. Chizindikiro cha masana, monga amayi ogulitsa tomato pakona, chimasowa usiku. Kutumiza malo a nyumba pa WhatsApp kuti mlendo awatsate pa Google Maps n'kothandiza, koma amene akutumizayo aimirire pageti penipeni, pakuti akatumiza ali kuseri kwa nyumba mapu akhoza kulondolera galimoto kumsewu wa kumbuyo, kumene kuli mpanda wokhawokha. Uthenga wolembedwa m'mawu upite limodzi, chifukwa si onse ali ndi lamya yamakono, ndipo bandulo ndi batire zimatha panjira.

Obwera pa basi, omwe kawirikawiri ndi ankhoswe, azakhali ndi agogo ochokera kumudzi, sayenera kupatsidwa malangizo ayi, ayenera kuchingamiridwa. Depoti ya ku Old Town ndi malo a phokoso ndi piringupiringu, ndipo nkhalamba yosenza thumba la ufa ndi nkhuku siyenera kuuzidwa kuti ikwere minibasi kenaka kabaza, makamaka popeza maminibasi amatsata misewu ikuluikulu ndipo salowa mkati mwa madera a mipanda. Komiti isankhe munthu mmodzi wa galimoto amene alibe ntchito ina Lachisanu, nambala yake ilembedwe pauthenga uliwonse, ndipo apaulendo amuimbire akafika pa Nathenje kapena pa Lumbadzi, osati atatsika kale. Ndi kulakwa kupereka nambala ya mayi wa mkwatibwi, amene tsikulo lamya yake imakhala m'chikwama iye ali kukhitchini.

Malo ogona amasankhidwa poyang'ana zinthu ziwiri, mtunda ndi mwambo. Pa mtunda, alendo onse agone tsidya la mtsinje limene kuli mwambowo, chifukwa chipinda chotsika mtengo ku Area 36 chimadzadula pa mafuta ndi pa nthawi Loweruka m'mawa. Pa mwambo, akuchimuna ndi akuchikazi saikidwa nyumba imodzi chinkhoswe chisanachitike, popeza mbali iliyonse imakhala ndi zokambirana zake usiku umenewo, ndipo apongozi sayenera kupezana pakhomo la bafa. Mwa alendo 24 aja, komiti ikhoza kugoneka amayi asanu ndi atatu m'nyumba ya mwambo, kumene adzalawirire kuphika, achinyamata asanu ndi mmodzi kwa mbale wa ku Area 49, ndipo khumi otsalawo, omwe ndi mabanja ndi ankhoswe, m'zipinda zisanu za loji yapafupi. Dzina la aliyense lilembedwe pambali pa malo ake, ndipo padziwike poyera amene akulipira, chifukwa mlendo woitanidwa amayesa kuti zonse zakonzedwa, ndipo manyazi amadza Lamulungu m'mawa pamene wa loji watulutsa bilu.

Loji siisungitsidwa ndi mawu okha. M'miyezi yachilimwe, pamene maukwati amachuluka, chipinda chosalipiridwa chimapatsidwa kwa amene wabwera ndi ndalama, choncho komiti ipereke gawo la malipiro msanga, kaya pamanja kaya pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo isunge umboni wake wosonyeza masiku ndi chiwerengero cha zipinda. Munthu wa m'komiti apite yekha kukaona: atsegule mpopi, afunse ngati pali thanki ya madzi ndi jenereta kapena sola magetsi akazima, aone masikito, afunsenso ola limene geti limatsekedwa ndi ola lotulukira m'chipinda. Lachinayi aimbenso lamya kutsimikiza, ndipo asiye mayina a alendo kwa wolandira alendo ndi kwa mlonda wa usiku, pakuti basi ya ku Mzuzu ikachedwa, amene adzatsegule geti pakati pa usiku ndi mlondayo.