NBM si NBS: tcherani khutu ku chilembo chomaliza

Sabata ino tikambe za mabanki awiri amene maina awo achidule amasiyana chilembo chimodzi chokha: NBM ndi NBS. Kuno ku Ntcheu, teremu ikamatsegulidwa, ndimamva makolo ena akutchula awiriwa ngati banki imodzi. Si imodzi ayi, ndipo si pachibale.

NBM ndi National Bank of Malawi. Inabadwa mu 1971 pamene nthambi za Barclays ndi Standard za m'dziko muno zinaphatikizana, ndipo mwini masheya ambiri ndi Press Corporation. NBS inayamba mu 1964 ngati New Building Society, bungwe losungitsa ndalama ndi kubwereketsa ngongole za nyumba, ndipo inasanduka banki mu 2004. Masheya ake ambiri ndi a NICO Holdings. Choncho "N" wa NBS sakutanthauza "National" monga ambiri amaganizira.

Tiyerekeze kuti mayi wa ku Tsangano wagulitsa mbatatesi, ndipo akufuna kulipira fizi ya mwana. Kalata ya sukulu yati akaunti ili ku NBM, koma mwana powerenga pafoni wati "NBS". Mayiyo akapita yekha kubanki, wapakauntala amubweza chifukwa nambalayo si ya kumeneko. Wangoluza ndalama ya thiransipoti ndi tsiku lathunthu. Koma akatumiza pafoni n'kusankha banki yolakwika pamndandanda, ndalama ikhoza kuchoka kwa iye osafika kusukulu, ndipo kuti ibwerere pamafunika kudandaula ndi kudikira. Nthawi yonseyo mwana ali pamndandanda wa osalipira.

Nanga tingawasiyanitse bwanji? Choyamba, musadalire chidule. Funsani dzina lonse la banki, ndipo mulione lolembedwa, osati longomva pafoni, pakuti "M" ndi "S" zimasochera netiweki ikamadukaduka. Chachiwiri, onani nambala yoimba pafoni: ya National Bank ndi *626#, pamene ya NBS ndi *322#. Amene akukuuzani kuti amagwiritsa ntchito Mo626, akaunti yake ili ku National Bank. Chachitatu, ngati foni yaonetsa dzina la mwini akaunti musanatsindike nambala yachinsinsi, liwerengeni. Likasiyana ndi la sukulu, imani pomwepo.

Zikalakwika, musafufute uthenga wa pafoni, musataye lisiti. Pamenepo pali nambala ya malipiro, tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama, zomwe adzakufunsani. Dandaulo limayambira kumene ndalama inachokera, kaya ndi banki yanu kapena kampani ya foni, osati kumene mumafuna kuti ipite. Mukatero kaonetseni lisitilo kwa ahedi kuti adziwe kuti nkhani ili m'njira.

Nafenso a m'masukulu tili ndi mbali yathu: pakalata ya fizi tizilemba dzina la banki lonse, nthambi yake ndi dzina la akaunti. Zilembo zitatu zokha n'zosakwanira kwa kholo limene lakhetsa thukuta chaka chonse.