Mchere timalawa ndi chipande: chifukwa chake apudeti safika tsiku limodzi mu ofesi yonse

Pali dandaulo lomwe ife ogwira ntchito yosamalira makompyuta m'maofesi timalimva mwezi ndi mwezi. Wina amabwera n'kunena kuti, "Achimwene, kompyuta ya anzangawa yalandira zatsopano dzulo, yanga ayi. Kodi ife ndiye osafunika?" Winanso amadandaula mosiyana: "Bwanji nthawi zonse mumayambira pa ine?" Onse awiri akufunsa za chinthu chimodzi, ndipo sabata ino ndati ndichilongosole bwinobwino. Si tsankho ayi. Ndi nzeru yomwe mayi aliyense amaidziwa pa mafuwa: mchere timalawa ndi chipande tisanapakulire banja lonse.

Kampani ya Microsoft imatulutsa zokonza zolakwika ndi zotseka mipata ya akuba mu Windows Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse. Zokonzazi ndi zomwe timazitcha apudeti. Kwathu kuno amafika usiku, kotero makompyuta ambiri amawalandira Lachitatu m'mawa. Kampaniyo imawayesa ndithu isanawatulutse, koma singayese pa pulinta iliyonse, pulogalamu iliyonse ya malipiro ndi laputopu iliyonse yakale yomwe ili pa dziko lapansi. Msakanizo wa zipangizo womwe uli mu ofesi yanu ndi wanuwanu, ndipo woti auyese ndi inu nomwe.

Chitsanzo chenicheni nachi. Pa 9 Marichi 2021 kunatuluka apudeti ya Windows 10 yotchedwa KB5000802. Pa makompyuta ochuluka inalowa popanda chovuta. Koma pa ena, munthu akangolamula kuti kalata isindikizidwe, sikirini yonse imasanduka ya buluu, n'kulemba mawu akuti APC_INDEX_MISMATCH, kompyuta n'kuzima n'kuyambanso. Vutoli linkakhudza timapulogalamu tina toyendetsa mapulinta, ndipo dzina lomwe linatchuka kwambiri pa madandaulo linali la mapulinta a Kyocera. Microsoft inatulutsa chokonza chake pa 15 Marichi. Masiku 6 amenewo ndiwo nkhani yathu: ofesi yomwe inaika apudetiyi pa makompyuta onse tsiku limodzi inavutika yonse, pamene yomwe inayamba ndi ochepa inali ndi mwayi woona dzenje isanagweremo.

Tiyerekeze ofesi ya makompyuta 60, mmene ine ndingaigawire. Gulu loyamba ndi makompyuta atatu a ife eni ntchitoyi. Awa amalandira apudeti tsiku lomwelo. Cholinga chake n'chochepa: kuona ngati ikulowa mpaka kumapeto, ngati kompyuta ikuyakanso bwino, ndiponso ngati netiweki ndi imelo zikugwira. Ikatifera ifeyo, palibe kasitomala yemwe waima pamzere.

Gulu lachiwiri ndi makompyuta 9 a antchito enieni, ndipo amalandira patatha masiku atatu. Ili ndiye gulu loyesera, mtima wa dongosolo lonse. Gulu lachitatu ndi makompyuta 48 otsala, omwe amadikira masiku 10. Kudikiraku sitichita pamanja. Mu Windows Pro muli lamulo la Group Policy lotchedwa Select when Quality Updates are received, lomwe limalola kuchedwetsa apudeti za mwezi ndi mwezi kuyambira tsiku 0 mpaka masiku 30. Gulu lililonse timalilembera nambala yake, 0, 3 ndi 10, makompyutawo n'kumatsatira okha.

Tsopano tiike Marichi 2021 pa dongosololi. Lachitatu pa 10, makompyuta athu atatu alandira. Tiyerekeze kuti ife timasindikiza pa pulinta ya mtundu wina, ndiye sitikuona kalikonse. Lachisanu pa 12, gulu loyesera lalandira. Mayi wina wa ku akaunti, yemwe amasindikiza ma invoisi pa Kyocera, wadina kuti asindikize, sikirini yachita buluu. Wayesanso, chimodzimodzi. Apa zizindikiro zitatu zikuloza malo amodzi: vutoli layamba tsiku lomwe apudeti yalowa, limabwera pa ntchito imodzimodzi nthawi zonse, ndipo mnzawo wa tebulo loyandikana, yemwe akugwiritsa ntchito pulinta yomweyo koma sanalandire apudeti, akusindikiza bwinobwino. Chizindikiro chachitatuchi ndi mphatso yomwe kugawa magulu kumatipatsa. Onse akanalandira pamodzi, tikanataya theka la tsiku tikuimba mlandu pulinta, chingwe kapena magetsi.

Kuti titsimikize, timachotsa apudetiyo pa kompyuta ya mayiwo ndi lamulo ili:

```
wusa /uninstall /kb:5000802
```

Kompyuta ikayakanso n'kusindikiza popanda vuto, mlandu watha, wolakwa wapezeka. Timaimitsa kaye gulu lachitatu, lomwe tsiku lake linali Lachisanu pa 19. Lolemba pa 15 chokonza chatuluka. Timachiyesa pa kompyuta yomweyo ya ku akaunti, ndipo chikagwira timatsegulira onse. Wovutika ndi munthu mmodzi kwa ola limodzi kapena awiri, osati dipatimenti yonse kwa sabata.

Koma nkhaniyi yatha bwino chifukwa cha chinthu chimodzi: mayi wa Kyocera anali m'gulu loyesera. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Tinene kuti mwa makompyuta 60 aja, 6 okha ndiwo amasindikiza pa pulintayo. Mukasankha makompyuta 9 mwa mayere, masamu ake amaonetsa kuti maulendo pafupifupi 36 mwa 100 alionse simudzatola ngakhale imodzi mwa 6 ija. Mudzayesa, mudzati zonse zili bwino, kenako vuto lidzaphulika m'gulu lalikulu. N'chifukwa chake gulu loyesera sitisankha mwa mayere, ndiponso sitisankha anzathu ocheza nawo. Timayamba talemba ndandanda: mitundu ya makompyuta yomwe tili nayo, mapulinta ndi masikana onse, mapulogalamu omwe ntchito ingaime akafa. Kenako timaonetsetsa kuti chinthu chilichonse pa ndandandapo chili ndi nthumwi yake m'gululo. Laputopu yakalekale ija yomwe aliyense amainyoza ndiyo yoyenera kulowa poyamba.

Munthunso amafunika kusankha bwino. Tikufuna wogwira ntchito tsiku lonse pa kompyuta yake, wosachita manyazi kunena kuti chinachake chasintha. Kompyuta ya munthu yemwe ali pa tchuthi siyesa kalikonse. Ndipo pamene pali makeshiya awiri, timatenga mmodzi, kuti wina apitirize kulandira ndalama zinthu zikavuta. Abwana aakulu ndi seva yosunga mafayilo a onse timaziika kumapeto.

Chinanso n'chakuti kukhala chete kwa anthu si umboni woti zayenda. Apudeti zambiri sizimaliza kulowa mpaka kompyuta itazimitsidwa n'kuyatsidwanso, ndipo alipo ambiri omwe amangotseka chivindikiro cha laputopu kwa masabata. Choncho tisananene kuti gulu loyesera lapambana, timatsegula Update history pa kompyuta iliyonse kuona ngati nambala ya apudetiyo yalembedwa kuti yalowa. Kenako timafunsa mafunso olunjika, osati "zili bwanji?" Mwasindikiza? Mwalowa mu pulogalamu ya malipiro? Sikana yagwira? Lamulo loimitsira timaligwirizana tisanayambe: kompyuta imodzi ikakana kuyaka, kapena ntchito imodzi yofunika ikaima, gulu lachitatu silisuntha mpaka chifukwa chitadziwika.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Loyamba: imagwira zokhazo zomwe zachitika m'masiku oyeserawo. Ntchito yomwe imachitika kamodzi pa mwezi, monga kukonza malipiro, siidzaonekera pokhapokha titapempha a ku akaunti kuti ayeserere dala. Lachiwiri lachiwiri limagwa pakati pa 8 ndi 14, ndiye kuwonjezera masiku 10 kumatifikitsa pakati pa 18 ndi 24. Ndasankha 10 ndi cholinga: onse akhale atalandira sabata ya malipiro isanafike.

Malire achiwiri: kudikira nakonso kuli ndi mtengo. Akuluakulu anati ndionetsetse anathetsa nkhosa. Microsoft inatseka mpata wina woopsa pa 14 Marichi 2017. Pa 12 Meyi chaka chomwecho, pulogalamu yaupandu ya WannaCry inalowera pa mpata womwewo n'kutseka mafayilo m'makompyuta a m'mayiko ambiri, kuphatikizapo zipatala za boma ku Mangalande. Ambiri mwa ogwidwawo anali ndi miyezi pafupifupi iwiri yoti aike chotsekacho koma sanaike. Choncho masiku 10 ndi a mwezi wamtendere. Zikamveka kuti akuba ayamba kale kugwiritsa ntchito mpata womwe apudeti ikutseka, timafinya dongosolo: gulu lathu m'mawa, gulu loyesera masana, ena onse mawa lake. Magulu sitiwataya, timangofupikitsa nthawi.

Malire achitatu anaoneka Lachisanu pa 19 Julaye 2024. Kampani ya chitetezo cha makompyuta ya CrowdStrike inatumiza kafayilo kolakwika nthawi ili 6:09 m'mawa pa nthawi ya ku Malawi, n'kukabweza patatha mphindi 78. Microsoft inayerekeza kuti makompyuta 8.5 miliyoni a Windows anagwa. Ndege zinalephera kunyamuka, mabanki ndi zipatala zinasokonekera. Makasitomala ena anali atakonza kuti azilandira pulogalamuyo mochedwerapo, koma kafayilo ka mtundu umenewu sikankatsatira lamulo lawolo: kankapita kwa onse nthawi imodzi. Popeza makompyutawo ankagwa asanamalize kuyaka, ambiri anafunika munthu afike pa iliyonse kukafufuta kafayiloko pamanja. Pambuyo pake kampaniyo inalonjeza kuti izitumiza mafayilo oterewa m'magulu, komanso kupatsa makasitomala mphamvu yosankha nthawi yolandirira. Phunziro kwa ife n'lakuti Windows si khomo lokhalo lolowera apudeti. Pa pulogalamu iliyonse yomwe imadzikonza yokha, tiyenera kufunsa wogulitsa kuti: ndi ziti zomwe tingachedwetse, ndipo ndi ziti zomwe zimabwera osagogoda?

Kwa inu amene muli ndi kabizinesi ka makompyuta anayi, opanda katswiri wolembedwa ntchito, nzeruyi ikugwirabe. Sankhani kompyuta imodzi yomwe imagwiritsa ntchito pulinta ndi mapulogalamu ofanana ndi zinazo, ilandire poyamba. Pa zitatu zinazo, Lolemba lisanafike Lachiwiri lija, lowani mu Windows Update n'kudina Pause updates kwa sabata imodzi. Yoyambayo ikagwira ntchito zake zonse masiku atatu popanda chovuta, dinani Resume updates pa zotsalazo, imodziimodzi, ndipo yolandirira ndalama ikhale yomaliza. Tsikulo lilembeni pa kalendala ya pakhoma, chifukwa kuimitsa n'kosavuta koma kukumbukira kutsegula ndiye kumavuta.

Ndipo ngati a makompyuta ku ntchito kwanu akuikani m'gulu loyesera, kachilendo kalikonse mukaona kanenereni tsiku lomwelo, pamodzi ndi nthawi yake ndi zomwe mumachita. Ngati n'kotheka jambulani sikiriniyo ndi foni. Anzanu 48 akudikira yankho lanu.