Mfalansa akati tu, musathamangire kulemba iwe

Mnzanga wina amene timaphunzira naye Chifalansa anandiuza motsimikiza kuti Chichewa sichisiyanitsa tu ndi vous, choncho womasulira asavutike posankha. Ndinamufunsa ngati anayesapo kunena kuti “iwe” kwa apongozi a mchimwene wake. Anangoseka. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo gwero lake ndi Chingerezi, chimene chili ndi mawu amodzi okha onenera mwana, mfumu ngakhale gulu. Ife tili ndi iwe ndi inu, uli ndi muli, bwera ndi bwerani. Vuto lenileni ndi lakuti malire a iwe ndi inu sali pamene Afalansa anaika malire a tu ndi vous.

Azakhali anga a ku Nsaru anasungapo mtsikana wa ku Falansa amene anabwera kudzagwira ntchito yongodzipereka. Atabwerera kwawo anatumiza uthenga pa foni yanga kuti ndikawawerengere. Unayamba chonchi: `Maman, tu vas bien ? Tu me manques.` Wotsata dikishonale akanalemba kuti, “Mayi, uli bwino? Ndakusowa.” Galamala yake ilibe banga. Koma tangoganizani mawu amenewo akuwerengedwa pakhonde, azitengwa ndi adzukulu akumva. Azakhali akanafunsa kuti mwanayu tinamulakwira chiyani. Ine ndinawerenga kuti, “Amayi, muli bwanji? Ndakusowani kwambiri, ine mwana wanu.”

Ena anganene kuti ndinanamiza azakhali posandutsa tu kukhala inu. Sindikuvomereza. Pachifalansa cha masiku ano, tu amayeza kuyandikana. Mwana amanena tu kwa mayi ake ndi agogo ake, ndipo vous amasungira munthu wachilendo kapena bwana wa kuntchito. Kwathu kuno iwe ndi inu amayeza msinkhu ndi malo a munthu pamtundu. Amayi ako ndi inu ngakhale unayamwa bere lawo. Mtsikana uja polemba tu ankanena kuti, “Ndinu a kwathu, sindinu mlendo.” Iwe akanauza azakhali kuti, “Ndiwe msinkhu wanga.” Amenewa ndi mauthenga awiri osiyana, ndipo wachiwiriwo sanautumize.

Amene amapemphera ku parishi ya Nambuma kapena ku Namitete angaone zimenezi m'pemphero la Atate Athu. Kuyambira mu 1966, Akatolika olankhula Chifalansa amanena tu kwa Mulungu m'pempheroli, pamene ife timanena inu. Palibe amene akunyoza Mulungu, ndipo palibe amene akumutalikira. Aliyense akulankhula ndi atate ake mmene mwana wa kwawoko amalankhulira.

Pali china chimene otsutsa anganene, ndipo n'choona: ukasandutsa tu kukhala inu, kutentha kwa uthenga kumachepa, chifukwa inu yemweyo timanenanso kwa mlendo wa m'minibasi. N'chifukwa chake ndinawonjezera mawu oti “ine mwana wanu”, amene munalibe m'Chifalansa muja. Chikondi chimene Mfalansa amachinyamulira mu tu, ife timachinyamulira m'maitanidwe: amayi, achemwali, malume, kapena mfunda monga Nabanda ndi Naphiri. Womasulira achotse chikondicho pamene chinali n'kuchiika pamene Mchewa amachiyembekezera.

Msampha womwewu umagwiranso pobwerera. Mnyamata wa ku Kabudula akalembera mnzake wa ku Falansa kuti, “Achimwene, mwadzuka bwanji? Mwasowatu,” inu ameneyo ndi wachikondi. Ukamumasulira kuti vous, Mfalansayo adzadabwa kuti ubwenzi wazizira liti. Pamenepo pafunika tu. Azakhali poyankha anati, “Iwe mwana wanga, ubwera liti?” Apa pokha iwe ndi tu anakumana, ndipo sindinavutike.

Ndisanamasulire uthenga wotere ndimafunsa zinthu zitatu. Choyamba, wamkulu ndani pa awiriwa? Chachiwiri, pali ubale wanji? Msuweni wako wa msinkhu umodzi ndi iwe, chifukwa chisuweni chimalola nthabwala, koma apongozi ndi inu ngakhale atakhala aang'ono kwa iwe. Chachitatu, uthengawo aumva ndani? Kumudzi foni imodzi imawerengedwa mokweza, ndipo iwe amene angadutse pa anthu awiri amasanduka chipongwe pagulu. Ngati mayankho sakudziwika, lembani inu. Mnzako amene wamupatsa ulemu wopitirira amangokuseka, koma wamkulu amene wamunena iwe sakuiwala msanga.

Choncho pamayeso a kumasulira, wolemba iwe paliponse pamene pali tu asamapatsidwe malikisi onse chifukwa choti watsata dikishonale. Ayambe wafunsidwa kuti uthengawo ukupita kwa yani, ndipo ngati akanatha kuwerenga zimene walembazo pamaso pa azakhali ake.